Soda kapena bekingi pauda? Yambani mwafufuza asidi m'phalamo

Ndi Loweruka m'mawa. Madzulo kunyumba kubwera alendo, ndipo amayi akusiyirani ntchito yophika keke. Pakapepala kawo alemba kuti: makapu awiri a fulawa, theka la kapu ya shuga, dzira limodzi, kota ya kapu ya mafuta ophikira, kapu imodzi ya mkaka, ndi masupuni ang'onoang'ono awiri a bekingi pauda. Mukutsegula chitini cha bekingi pauda, mulibemo kanthu. Pashelefu pali kapaketi ka soda amene amayi amathira mu therere. Onsewa ndi maufa oyera ndipo onse amafufumitsa, ndiye mukungotapa masupuni awiri a soda n'kuthira.

Keke imene ituluke mu uvunimo idzakhala yachikasu moderako mkati, kunja yoderako kwambiri ngati yapserera, fungo lake lachilendo, ndipo mukailawa mudzamva ngati mwaluma sopo. Fulawa, shuga, dzira ndi mafuta zapita pachabe, ndipo tonse tikudziwa mitengo ya zinthu zimenezi masiku ano. Chokhumudwitsa n'chakuti soda yemweyo akanatha kugwira bwino ntchito. Panangofunika kusintha zinthu ziwiri: kuchuluka kwa sodayo, ndi mtundu wa mkaka. Tiyeni tione chifukwa chake.

Chimene chimafufumitsa keke

Mukadula keke yophikidwa bwino mumaona timabowo tambirimbiri mkati mwake. Kabowo kalikonse kanali kathovu ka mpweya pamene phalalo linali losapsa. Mpweya wambiri wa m'timathovuto ndi kaboni dayokisayidi, CO₂, womwe uja umatuluka mukatsegula botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Phala likalowa mu uvuni, kutentha kumachititsa kuti timathovuti tikule, ndipo phala lonse limakwera. Pakapita mphindi zingapo dzira ndi fulawa zimapsa n'kulimba, timathovu tija n'kutsekeredwa pomwe tili. Kufufuma n'kumeneko.

Choncho wophika keke amafuna zinthu ziwiri: mpweya wokwanira, komanso kuti mpweyawo utuluke pa nthawi yake, phala lisanalimbe. Soda ndi bekingi pauda onse amapereka mpweyawu kuchokera ku mankhwala amodzimodzi. Amasiyana pa chimene chimayambitsa kutuluka kwa mpweyawo.

Soda payekha sakwanira

Soda wophikira dzina lake m'kalasi la kemisitiri ndi sodiyamu bayikaboneti, NaHCO₃. M'paketimo mulibe chinanso chosakanizidwa. Iyeyu ndi alikali wofooka: mukamusungunula m'madzi pH yake imakhala pang'ono pamwamba pa 8. Akakumana ndi asidi, pali madzi, amatulutsa mpweya nthawi yomweyo:

```
NaHCO₃ + H⁺ → Na⁺ + H₂O + CO₂
```

H⁺ ameneyu amachokera kwa asidi aliyense, kaya wa m'mandimu, wa mu viniga kapena wa m'chambiko. Onani kuti molo imodzi ya soda ikupereka molo imodzi ya mpweya, ndipo zotsala ndi madzi ndi mchere wa sodiyamu umene sumveka kwenikweni mkamwa.

Nanga asidi akapanda kupezeka? Soda sangokhala chete mpaka kalekale. Akatenthedwa amasweka yekha, koma mwa njira ina:

```
2NaHCO₃ → Na₂CO₃ + H₂O + CO₂
```

Apa pali mavuto awiri. Loyamba, mamolo awiri a soda akupereka molo imodzi yokha ya mpweya, kutanthauza theka la mpweya umene tikanapeza pakanakhala asidi. Komanso mpweyawu umatuluka pang'onopang'ono ndiponso mochedwa, phala litatentha kale. Lachiwiri ndi chotsalacho, Na₂CO₃, sodiyamu kaboneti. Ameneyu ndi soda wochapira, alikali wamphamvu kuposa soda wophikira, ndipo m'madzi pH yake imafika cha m'ma 11. Ndi amene amawawitsa keke n'kuisiyira kakomedwe ka sopo. Alikali amafulumizitsanso kuderako kwa chakudya pamene shuga ndi mapulotini zikutenthedwa limodzi, n'chifukwa chake keke ya soda wambiri imada msanga kunja mkati musanapse bwino.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. Pali soda wina amene amapangira sopo, sodiyamu hayidirokisayidi, NaOH. Ameneyo amawotcha khungu, mkamwa ndi kummero, ndipo musamuthire m'chakudya chanu ngakhale pang'ono. Soda amene tikukamba pano ndi wophikira yekha.

Bekingi pauda amayenda ndi asidi wakewake

Bekingi pauda ndi zinthu zitatu zosakanizidwa. Muli soda yemwe uja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ngakhale kuti opanga amasiyana pang'ono. Muli asidi wouma, waufa, woyezedwa kuti akwanirane ndi sodayo. Mulinso sitachi, kawirikawiri wa chimanga, amene ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi kuti soda ndi asidi asayambe kugwirana akadali m'chitini. Bola zonse zili zouma, palibe chimene chimachitika. Madzi kapena mkaka ukangolowa, asidi amasungunuka, amakumana ndi soda, mpweya n'kuyamba kutuluka.

Mmodzi mwa oyamba kupanga ufa woterewu anali Alfred Bird, katswiri wa mankhwala wa mumzinda wa Birmingham ku England, mu 1843. Mkazi wake ankadwala akadya buledi wa yisiti, ndiye iye anafuna njira ina yofufumitsira.

Bekingi pauda wambiri wa masiku ano amagwira ntchito kawiri. Mpweya wina umatuluka mukangosakaniza phala, wina umadikira mpaka phalalo litatentha mu uvuni, chifukwa muli asidi amene amachedwa kugwira ntchito pozizira. N'chifukwa chake phala la bekingi pauda limapirira likadikira mphindi zingapo patebulo, pamene phala la soda ndi mandimu silidikira.

Tsopano lamulo lonse la nkhaniyi likuoneka lokha. Ngati m'zosakaniza zanu muli asidi wokwanira, soda ali ndi mnzake woti agwire naye ntchito. Ngati mulibe asidi, pamafunika bekingi pauda, amene amabwera ndi asidi wake.

Asidi wa m'khitchini amabisala kuti?

Lilime limathandiza: chimene chikuwawasa chili ndi asidi. Chambiko ndi yogati zili ndi asidi wa lakitiki, amene mabakiteriya amapanga kuchokera ku shuga wa mu mkaka, ndipo pH yake imakhala cha m'ma 4.5. Madzi a mandimu ali ndi asidi wa sitiriki, pH yake pakati pa 2 ndi 3. Viniga ali ndi asidi wa asetiki. Bwemba ndi malambe nazonso n'zowawasa zedi. Nthochi zakupsa zili ndi asidi pang'ono, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ophika zitumbuwa amathirira soda wochepa chabe zinthu n'kuyenda bwino. Akapyola muyeso, chitumbuwa chimadera mkati n'kumamveka soda.

Mkaka wosasasa ndiye umasokoneza ambiri. pH yake ili pafupifupi 6.7, pafupi kwambiri ndi 7, ndiye kwa soda uli ngati madzi basi. Shuga woyera, mafuta ophikira, majarini, mazira ndi madzi nazonso sizipereka asidi woti n'kudalira.

Bwererani ku kapepala ka amayi kaja muwerenge chimodzichimodzi. Fulawa, shuga, dzira, mafuta, mkaka wosasasa. Palibe chowawasa ngakhale chimodzi. Amene analemba kaphikidweka sanasankhe bekingi pauda mwangozi.

Tiyeni tikonze keke ya Loweruka

Miyeso yathu ikhale iyi: supuni yaing'ono, ya tiyi, ndi mamililita 5, supuni yaikulu ndi mamililita 15, kapu ndi mamililita 250. Supuni iliyonse ikhale yosalazidwa pamwamba ndi mpeni, osati yaphiri. Supuni yaing'ono ya soda imalemera pafupifupi magalamu 5.

Funso loyamba: tithire soda wochuluka bwanji? Masupuni ang'onoang'ono awiri a bekingi pauda amalemera pafupifupi magalamu 9. Gawo limodzi mwa atatu la 9 ndi 3, choncho soda weniweni amene kaphikidweka kamafuna ndi magalamu atatu kapena kucheperapo pang'ono. Theka la supuni yaing'ono ya soda ndi magalamu 2.5, zomwe zili pafupi mokwanira. Apa ndi pamene pamachokera lamulo la ophika lakuti supuni imodzi ya bekingi pauda ilowedwe m'malo ndi kota ya supuni ya soda.

Tingaonenso mpweya umene theka la supunili lingapereke. Molo imodzi ya NaHCO₃ imalemera magalamu 84, ndipo molo imodzi ya mpweya imadzaza malita 24 pa kutentha kwa m'chipinda.

```
2.5 ÷ 84 = 0.03
0.03 × 24 = 0.72
```

Mamolo 0.03 a soda akupereka malita 0.72 a mpweya, pafupifupi makapu atatu. Si wonse umene umatsala m'keke, wina umathawa potakasa ndi pophika, koma ndi wokwanira makapu awiri a fulawa.

Funso lachiwiri: asidi achokera kuti, ndipo akhale wochuluka bwanji? Njira yophweka ndi kuchotsa kapu ya mkaka wosasasa n'kuikapo kapu ya chambiko. Kuwawasa kwa chambiko kumasiyana malinga ndi nthawi imene chakhala, koma tiyeni titenge chambiko chokhala ndi magalamu 0.9 a asidi wa lakitiki m'mamililita 100 aliwonse. M'kapu ya mamililita 250 muli magalamu 2.25. Molo imodzi ya asidi wa lakitiki ndi magalamu 90, ndipo molo iliyonse imagwirana ndi molo imodzi ya soda.

```
2.25 ÷ 90 = 0.025
0.025 × 84 = 2.1
```

Kapu ya chambiko imathana ndi magalamu 2.1 a soda. Ife tathira 2.5. Kotsalako n'kochepa, ndipo fulawa naye ali ndi kaasidi kake pang'ono komwe kamathandiza. Masamuwa akugwirizana ndi zimene ophika amadziwa kuchokera m'manja: theka la supuni yaing'ono ya soda pa kapu imodzi ya mkaka wosasa.

Ngati chambiko palibe, gwiritsani ntchito viniga kapena mandimu. Viniga wa m'sitolo kawirikawiri amakhala ndi asidi magalamu pafupifupi 5 m'mamililita 100. Masupuni aakulu awiri, mamililita 30, ali ndi magalamu 1.5, ndipo molo ya asidi wa asetiki ndi magalamu 60. Mukagawa 1.5 ndi 60 mupeza 0.025, nambala yomwe ija ya kapu ya chambiko. Madzi a mandimu ali ndi mphamvu yoyandikira pamenepo. Choncho thirani masupuni aakulu awiri a viniga kapena a mandimu m'kapu, kenako dzazani kapuyo ndi mkaka wosasasa mpaka pa mlingo wa kapu imodzi. Musaonjezere pamwamba pa kapu yodzaza kale, chifukwa phala lingasungunuke kwambiri. Siyani kwa mphindi zisanu. Mkakawo udzaoneka wodukaduka, koma usakuopseni, sunaonongeke: ndi mapulotini a mu mkaka amene aundana chifukwa cha asidi.

Funso lachitatu ndi la nthawi. Soda ndi asidi wamadzi sadikirana, akangokumana mpweya wayamba kutuluka. Ndiye yatsani uvuni kaye ufike cha pa madigiri 180. Ngati mukuphikira pambaula, makala apansi ndi apachivundikiro akhale atayaka kale. Pakani mafuta m'chiwaya chophikira. Sefani soda limodzi ndi fulawa kuti afalikire paliponse. Mukatero sakanizani zamadzi ndi zouma, takasani pang'ono mpaka fulawa asaonekenso, n'kulowetsa pamoto nthawi yomweyo. Phala limeneli mukalisiya theka la ola mukukoleza moto, gawo lalikulu la mpweya lidzakhala litathawa, ndipo keke idzatuluka yolemera.

Nanga masupuni awiri a soda aja anachita chiyani? Amenewo ndi magalamu 10, kapena mamolo 0.12, kuchulukitsa kanayi zimene zimafunika, popanda asidi woti athane nawo. Soda yenseyo atasweka ndi kutentha, m'kekemo mukanatsala pafupifupi magalamu 6 a soda wochapira. Sasweka yense, chifukwa mkati mwa keke yonyowa kutentha sikupitirira madigiri 100, koma amene wasweka pamodzi ndi amene watsala ndi okwanira kuononga keke yonse. Shuga woonjezera sangabise zimenezo.

Nanga soda ndiye akasowa?

Tsopano titembenuze. Mukufuna kuphika chigumu cha makapu awiri a ufa, kapu ya chambiko ndi theka la supuni yaing'ono ya soda, koma m'nyumba muli bekingi pauda yekha. Kusintha uku n'kosavuta kuposa kuja, chifukwa bekingi pauda sadalira chilichonse cha m'phalamo. Koma poti soda ali gawo limodzi lokha mwa atatu a ufawo, muyenera kuthira katatu kapena kanayi: supuni imodzi ndi theka mpaka masupuni awiri.

Chigumucho chidzafufuma, koma sichidzafanana ndendende ndi chimene munazolowera. Soda wa mu bekingi pauda ali kale ndi asidi wake, ndiye asidi wa m'chambiko adzakhala wotsala. Chigumu chidzawawasa pang'ono, ndipo kunja kwake kudzakhala kotuwa, chifukwa asidi amachedwetsa kuderako kumene alikali amafulumizitsa. Ena amakonda kawawasidwe kameneko. Ngati simukufuna, chotsani chambiko muikepo mkaka wosasasa kapena madzi, kuti m'phalamo musakhale asidi wopanda ntchito.

Kusinthaku kulinso ndi malire. Pa kapu imodzi ya fulawa, bekingi pauda amakwana supuni yaing'ono imodzi, ndipo zophika zina monga masikono zimalola kufika pa masupuni awiri. Mukapyola apo, mchere umene umatsala soda ndi asidi akagwirana umayamba kumveka mkamwa ngati kuwawa kapena ngati chitsulo. Mpweya ukachulukitsanso, timathovu timakula n'kuphatikizana, timaphulika phala lisanalimbe, ndipo keke imakwera msanga kenako n'kugwa pakati.

Mwina munaonapo kaphikidwe kofuna zonse ziwiri, soda ndi bekingi pauda, n'kudabwa. Masamu athu aja akuyankha. Tiyerekeze kuti pa makapu awiri a fulawa pali theka lokha la kapu ya chambiko. Asidi wake akwanira kota ya supuni ya soda basi, yomwe ndi theka la mpweya wofunika. Mukaonjezera soda, adzakhala wopanda asidi. Ndiye theka linalo limabwera ndi supuni imodzi ya bekingi pauda.

Pali ntchito ina imene bekingi pauda sangalowe m'malo mwa soda n'komwe. Amayi akathira soda mu therere safuna mpweya. Amafuna alikali, amene amafewetsa masamba msanga, monga mmene chidulo cha phulusa chimachitira. Bekingi pauda akanyowa, asidi wake amathetsa mphamvu ya alikaliyo, ndiye ndiwo sizifewa chimodzimodzi. Dziwaninso kuti alikali yemweyo amaononga mavitamini ena a m'masamba, makamaka vitamini C ndi B1, choncho soda wa m'ndiwo azikhala wochepa.

Mungadziwe bwanji chimene chalakwika?

Keke imanena yokha mukaiyang'anitsitsa. Ikakhala yachikasu mkati, yoderako kwambiri kunja, yamabowo akuluakulu ndiponso yomveka sopo, ndiye kuti soda anachuluka kuposa asidi. Ikakhala ndi timadontho toderako apa ndi apo towawa mukatiluma, muyeso unali bwino koma soda sanasefedwe, anatsala m'timibulu. Ikakhala yotuwa, yolemera komanso yowawasa, asidi anachuluka ndipo chofufumitsa chinachepa. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akathira theka la supuni ya bekingi pauda pamene panalembedwa theka la supuni ya soda.

Ikakhala kuti kakomedwe kali bwino koma sinafufume, ganizirani zinthu ziwiri. Mwina phala linadikira nthawi yaitali lisanalowe pamoto, kapena bekingi pauda anatha mphamvu. Chitini chikamasiyidwa chosatseka bwino, makamaka nyengo ya mvula, chinyezi chimalowa ndipo soda ndi asidi amagwirana pang'onopang'ono m'chitini momwemo. Ufawo umaoneka bwinobwino koma mpweya unapita kale. Kumuyesa n'kosavuta: thirani theka la supuni yaing'ono m'kapu ya madzi otentha. Akachita thovu lambiri nthawi yomweyo ali bwino. Akangomira mwakachetechete, musaononge naye fulawa.

Yesani nokha

Tengani matambula anayi oonekera mkati, soda, bekingi pauda, ndimu limodzi, madzi ozizira ndi madzi otentha. Samalani ndi madzi otenthawo. M'tambula yoyamba ndi yachiwiri thirani kota ya supuni yaing'ono ya soda. M'yachitatu ndi yachinayi thirani supuni yaing'ono yathunthu ya bekingi pauda, kuti soda wa m'matambula onse akhale wofanana kuchuluka.

M'tambula yoyamba thirani madzi ozizira pang'ono. Soda adzangosungunuka, thovu osaoneka. M'yachiwiri thirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu. Thovu lidzakwera mwamphamvu, ndipo posakhalitsa lidzatha. Onani mmene lathera msanga, chifukwa ndi zomwezo zimachitika m'phala lodikira moto. M'yachitatu thirani madzi ozizira. Thovu lidzaoneka ngakhale simunathire chowawasa chilichonse, umboni wakuti asidi analimo kale. M'yachinayi thirani madzi otentha, muyerekeze ndi yachitatu. Thovu la m'madzi otentha lidzakhala lamphamvu kuposa la m'madzi ozizira.

Mudzaonanso kuti madzi a bekingi pauda ndi amtundu wa mkaka, pamene a soda ndi oyera mbee. Chimene chikuderetsa madziwo ndi sitachi, amene sasungunuka m'madzi ozizira. Ngati ku labu ya kusukulu kwanu kuli ayodini, dontho limodzi m'tambula yachitatu lidzasanduka labuluu wakuda, pamene m'yoyamba silidzatero. Imeneyi ndi njira yosiyanitsira maufa awiriwa akakhala m'timapepala topanda dzina, monga amagulitsira pamsika.

Mafunso atatu oyesera

Loyamba: kaphikidwe kena kakufuna makapu atatu a fulawa, kapu imodzi ndi theka ya mkaka wosasasa, ndi masupuni ang'onoang'ono atatu a bekingi pauda. Inu muli ndi soda ndi viniga. Muthira zochuluka bwanji, ndipo mkaka muuchita chiyani?

Lachiwiri: magalamu 4.2 a soda angapereke malita angati a kaboni dayokisayidi pa kutentha kwa m'chipinda akakumana ndi asidi wokwanira? Nanga atasweka yense ndi kutentha kokha?

Lachitatu: mnzanu waphika masikono a chambiko, wathira bekingi pauda woyenera, ndipo afufuma bwino koma ndi otuwa komanso owawasa. Mungamuuze kuti asinthe chiyani ulendo wina?

Yambani mwayesa nokha musanawerenge mayankho awa. Pa loyamba, supuni iliyonse ya bekingi pauda ikulowedwa m'malo ndi kota ya supuni ya soda, ndiye makota atatu a supuni yaing'ono. Kota iliyonse ikufuna supuni yaikulu imodzi ya viniga, ndiye masupuni aakulu atatu, ndipo muchotse masupuni aakulu atatu a mkaka kuti zamadzi zisachuluke. Pa lachiwiri, 4.2 kugawa ndi 84 ndi mamolo 0.05, kuchulukitsa ndi 24 ndi malita 1.2; ndi kutentha kokha mupeza theka lake, malita 0.6. Pa lachitatu, asidi wa m'chambiko anatsala wopanda soda woti athane naye. Mnzanuyo angachotse chambiko n'kuikapo mkaka wosasasa, kapena asunge chambikocho koma pa kapu iliyonse ya chambiko achotse masupuni ang'onoang'ono awiri a bekingi pauda n'kuikapo theka la supuni ya soda.